Gulira kapena gulera: mmene mungasankhire i kapena e posintha mneni

Mwana wa ku Chinamwali mumzinda wa Zomba amene sanayambe n'komwe sukulu amati “ndigulireni mandasi”, komanso “nditengereni madzi”. Sanena kuti ndigulereni kapena nditengireni. Palibe anamukhazika pansi kumuphunzitsa lamulo, khutu lokha ndilo limamutsogolera. Vuto limadza pamene khutu lachotsedwapo: wophunzira wa sekondale wapatsidwa mneni papepala kuti amusinthe, mlendo akuphunzira Chichewa ali wamkulu kale, kapena mkonzi akuwerenga nkhani yotaipidwa mofulumira. Malangizo ano ndi a anthu otere pamodzi ndi amene amawaphunzitsa. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: lembo la liwu la msintho limamvera lembo la liwu lomaliza la tsinde, osati loyamba, ndipo funso limeneli liyenera kufunsidwa mwatsopano nthawi iliyonse pamene mwawonjezera msintho wina.

Chimene chimachitika m'kamwa

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu: a, e, i, o, u. Gwirani chibwano ndi dzanja, munene pang'onopang'ono kuti i, e, a. Mumva chibwano chikutsika kawiri. Chitaninso chimodzimodzi ndi u, o, a. Pa i ndi u lilime limakhala m'mwamba, pa e ndi o limakhala pakati, pa a limagona pansi. Mgwirizano wa malembo a liwu m'Chichewa wagona pa msinkhu wa lilime umenewu. Tsinde likatha ndi lembo la pakati, e kapena o, msintho nawo umatsikira pakati n'kukhala ndi e. Likatha ndi lina lililonse mwa atatu otsalawo, i, u kapena a, msintho umakhala ndi i.

Ambiri amadabwa kuona a ali gulu limodzi ndi i ndi u, chonsecho iye ndi wapansi pomwe anzakewo ndi am'mwamba. Njira yosavuta yomvetsera ndi kuganiza kuti i ndiye nkhope yeniyeni ya msintho, ndipo e ndi o okha ndiwo ali ndi mphamvu yomukokera pansi. Lembo la a silikoka chilichonse, motero i amangokhala mmene analili. Pulofesa Al Mtenje, amene waphunzitsa zaka zambiri pa Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba, anasindikiza kafukufuku wa nkhani yomweyi mu 1985, ndipo khalidwe la a ndi limodzi mwa zimene akatswiri a zilankhulo akhala akuzikambirana kwambiri.

Misintho imene imamvera lamuloli ndi iyi: wochitira (-ir- kapena -er-), wochititsa (-its- kapena -ets-), wochitidwa (-idw- kapena -edw-), wochitika (-ik- kapena -ek-), ndi wochititsitsa (-itsits- kapena -etsets-). Palinso wobwereza wa -irir- kapena -erer- monga mu pitirira ndi lowerera. Wotsutsa wa -ul- uli ndi khalidwe lakelake, tiufikira.

Choyamba: vulani mneni

Bwezerani mneni ku maonekedwe a ku-, kenaka chotsani ku- kumayambiro ndi -a kumapeto. Chotsalacho ndicho mugwire nacho ntchito. Kuphika kumasiya phik, kugula kumasiya gul, kumanga kumasiya mang, kulemba kumasiya lemb, kusoka kumasiya sok.

Ntchitoyi ikuoneka yachibwana, koma zolakwika zambiri zimabadwira pompano. Ngati mneni mwamutenga m'chiganizo, chotsani zonse zapatsogolo pake: woimira mwininkhani, wosonyeza nthawi, woimira pamtherankhani. Mu “anachilemba” mumachoka a-, -na- ndi -chi-. Zimenezi sizilamula msintho, ndipo nazonso sizisinthidwa ndi tsinde. N'chifukwa chake timati ndikuchiona, pomwe i wa -chi- wakhala moyandikana ndi o koma sanatsike. Mgwirizanowu umayenda njira imodzi yokha, kuchokera pa tsinde kupita kumapeto.

Chenjeraninso ndi aneni amene tsinde lawo limayamba ndi ku. Kumba, kula, kuwa ndi kuta si aneni ovala kale ku-, amakhala kukumba, kukula, kukuwa, kukuta. Wophunzira akachotsa ku wa kumba amatsala ndi mb, n'kuyamba kusokonezeka. Tsinde ndi kumb, lembo lake ndi u, ndiye timati kumbira, kumbitsa, kumbidwa. Yerekezani ndi kumva, m'mene ku ndi wongovala ndipo tsinde ndi mv basi.

Chachiwiri: pezani lembo la liwu lomaliza

Werengani chotsalacho kuchokera kumanja kubwerera kumanzere, muime pa lembo la liwu loyamba kukumana nalo. Malembo w ndi y musawawerengere, ndi opanda liwu. Mu gwir lembo ndi i, mu bwer ndi e, mu thyol ndi o, mu siy ndi i, mu low ndi o.

Likakhala i, u kapena a, ikani msintho wa i. Phika amapereka phikira, phikitsa, phikidwa, phikika. Gula amapereka gulira, gulitsa, gulidwa. Manga amapereka mangira, mangitsa, mangidwa.

Likakhala e kapena o, ikani msintho wa e. Lemba amapereka lembera, lembetsa, lembedwa, lembeka. Soka amapereka sokera, soketsa, sokedwa. Ona amapereka onera, onetsa, onedwa, oneka, onetsetsa.

Pophunzitsa, aneni osiyana lembo limodzi lokha ndiwo amathandiza kwambiri, chifukwa wophunzira amaona yekha chimene chachititsa kusinthako. Tula ndi tola: mayi amatulira mnzake mtolo wa nkhuni wochokera kuphiri, koma amamutolera ndalama yagwa. Pita ndi peta: timapitira mnzathu kumsika, timamupetera mpunga. Lira ndi lera: mwana amalirira mayi ake, azakhali amalerera m'bale wawo mwana. Luka ndi loka: dengu limalukidwa, chitseko chimalokedwa.

Lembo la kumapeto kwenikweni lilibe nawo gawo. Kaya ndi -a kaya ndi -e wa pempho kapena lamulo, msintho suliona. Timati undigulire, amangire, aphikidwe, ndipo e wotsirizayo sakokera i pansi. Zimodzimodzi timaphatikizo totsatira monga -nso, -be, -di, -ni ndi -tu: lembanidi, pitabe. Timeneti sitisintha nkhope pa mneni aliyense.

Chachitatu: mukapanda kupeza lembo lililonse la liwu

Pali aneni a phatikizo limodzi: kudya, kumwa, kufa, kupha, kuba, kugwa, kumva, kutha, kuswa, kuda, kuphwa. Mukawavula mumatsala ndi dy, mw, f, ph, b, gw, mv, th, sw, d, phw, mopanda lembo la liwu ngakhale limodzi. Onsewa amatenga e. Timati dyera, dyetsa, dyedwa, dyeka. Timati mwera, mwetsa, fera, phera, phedwa, bera, bedwa, gwera, gwetsa, mvera, mveka, mvetsetsa, thera, theka, sweka, dedwa, phwetsa.

Apa ndi pamene alendo amagwa kwambiri, ndipo chifukwa chake chimamveka. Amaona a wa kupha kapena wa anapha, n'kukumbukira kuti a amapita ndi i. Koma a ameneyo si wa tsinde: wina ndi wa kumapeto, wina ndi wa -na- wosonyeza nthawi. Choopsa n'chakuti cholakwikacho nthawi zina chimabala mawu enieni a tanthauzo lina, moti womvera sazindikira n'komwe kuti pali cholakwika. Wofuna kunena kuti mwana wagwera m'madzi akanena kuti wagwira m'madzi, wanena nkhani ina, ndipo anthu sathamangira ku mtsinje wa Likangala. Wofuna kunena kuti mafuta athera panjira akanena kuti athira panjira, wasandutsa kutha kukhala kuthira.

Njira yozindikirira aneni amenewa ilipo. Lamulani munthu mmodzi. Ngati pakufunika i- patsogolo, monga idya, imwa, ipha, imva, ndiye kuti mneniyo ndi wa phatikizo limodzi, mupatseni e. Kenaka muikeni pambali pa mnzake wofanana naye kumayambiro koma wautali: kutha ndi thera, kuthawa ndi thawira, kumwa ndi mwera, kumwaza ndi mwazira, kufa ndi fera, kufala ndi falitsa, kuba ndi bera, kubala ndi balira. Mwa aataliwo a ali m'kati mwa tsinde, n'chifukwa chake i wabwerera.

Chachinayi: mukawonjezera msintho wina, yambaninso

Gawo lino ndilo lofunika kulikhalira pansi. Chichewa chimalola misintho iwiri, itatu, kusanjikizana pa mneni mmodzi. Anthu ambiri anaphunzira lamulo mwachidule kuti “yang'ana tsinde”, ndiye amayang'ana lembo loyamba la mneni n'kulipereka kwa misintho yonse. Pa aneni ambiri njirayo imatulutsa yankho lolondola mwangozi. Lemba, lembetsa, lembetsera, lembetsedwa: e yekhayekha. Phunzira, phunzitsa, phunzitsira, phunzitsidwa: i yekhayekha. Koma zoona zake n'zakuti msintho uliwonse umamvera lembo la liwu limene wayandikana nalo kumanzere, monga anthu opatsirana njerwa pamzere, aliyense amalandira kwa amene waima pambali pake, osati kwa amene ali pa uvuni. Pakati pakalowa a kapena u, mphamvu ya e ndi o imaduka.

Tiyeni titsate mneni mmodzi mpaka kumapeto. Tengani kutseka. Kumuvula kumasiya tsek, lembo lomaliza ndi e. Motero:

Mlonda watsekera aphunzitsi geti.
Mkulu wa sukulu watseketsa geti.
Geti latsekedwa.
Geti silikutsekeka.

Tsopano ikani msintho wotsutsa, -ul-. Tapeza tsekula, amene ena amati tsegula. Muvuleninso: tsekul. Werengani kuchokera kumanja, lembo loyamba kukumana nalo ndi u, osati e. Motero:

Mlonda watsekulira aphunzitsi geti.
Mkulu wa sukulu watsekulitsa geti.
Geti latsekulidwa.

Chidziwitso chomata pageti chikhoza kukhala ndi nkhope zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi: “Geti lidzatsekedwa 5 koloko madzulo ndipo lidzatsekulidwa 7 koloko m'mawa.” Wolemba kuti lidzatsekuledwa wadumpha u n'kukamvera e wa kutali. Mukaona cholakwika chotere papepala la wophunzira, dziwani kuti lamulo akulidziwa theka. Musamubwereze za magulu a malembo, muonetseni poyenera kuyang'ana.

Chimodzimodzi ndi a. Msintho wochitirana, -an-, susintha nkhope pa mneni aliyense: kondana, gwirana, menyana, funana. Koma ukangolowa, wotsatira wake amakhala wa i. Leka amapereka lekera ndi leketsa, koma lekana amapereka lekanitsa, kenaka lekanitsidwa. Sonkha amapereka sonkhera ndi sonkhetsa, koma sonkhana amapereka sonkhanira ndi sonkhanitsa. Menya amapereka menyera, koma menyana amapereka menyanitsa. Ngakhale mneni wa phatikizo limodzi amagonja: kuda kumapereka dedwa, koma kudana kumapereka danitsa.

Dongosolo la misintho likatembenuka, zotsatira zimatembenukanso. Mu lemberana, -er- wabwera -an- asanalowe, ndiye wamvera e wa lemb. Mu lekanitsa, -its- wabwera -an- atalowa kale. Aneni onsewa ali ndi e koyambirira ndi -an- m'kati, chasiyanitsa ndi amene wayandikana ndi msintho.

Sikuti a ayenera kuchokera ku msintho wochitirana yekha. Werama amapereka weramira ndi weramitsa. Polama amapereka polamira. Ndipo u wa mu tembenuka, cheuka ndi sefuka amapereka tembenukira, cheukira, sefukira. Lamulo la lembo lomaliza limakwanira onsewa popanda kuloweza mndandanda.

Za -ul- ndi -ol-

Msintho wotsutsa, pamodzi ndi mnzake -uk-, uli ndi khutu lolemera. Umatsika kukhala -ol- kapena -ok- pambuyo pa o yekha. Pambuyo pa e umakhalabe ndi u. N'chifukwa chake tili ndi thyola ndi thyoka, boola ndi booka, wonjola, koma tsekula ndi tsekuka, benthula ndi benthuka, yepula. Pambuyo pa a, i ndi u palibe chodabwitsa: mata amapereka matula, yala amapereka yalula.

Kusiyana kumeneku kumaonekera pa msintho wotsatira. Thyola watha ndi o, ndiye thyolera, thyoledwa. Benthula watha ndi u, ndiye benthulira, benthulidwa. Amene amaphunzitsa kuti e ndi o amachita zofanana paliponse amasocheretsa ophunzira pamalo amodzi ano.

Misintho yachidule

Aneni ena ali ndi msintho wochititsa wopanda lembo la liwu, umene umangosintha lembo lopanda liwu lomaliza. Choka amakhala chotsa, tuluka amakhala tulutsa, kwera amakhala kweza, bwera amakhala bweza, vulala amakhala vulaza. Apa palibe chosankha. Koma mukawonjezera msintho wina pamwamba pake, njira ndi yomweyo: chotsera, tulutsira, kwezedwa, bwezera, vulazidwa.

Palinso mawu ochepa amene amaoneka ngati aswa lamulo, monga phethira ndi nyezimira, momwe i watsatira e. Mawu amenewa i wawo ndi wobadwa naye, sanachite kuikidwa ndi msintho pa mneni wina waufupi. Musawakonze. Ingowavulani monga ena onse, ndipo lembo lawo lomaliza ndi i.

Mayina ochokera ku aneni

Dzina likapangidwa kuchokera ku mneni wosinthidwa, limasunga lembo limene msintho unasankha. Kalembedwe, kayendedwe, kaonekedwe ndi kadyedwe ali ndi e. Kaphikidwe, kavalidwe ndi kakhalidwe ali ndi i. Cholembera, chotengera, koma chophikira, chotsekulira. Olemba malipoti amagwiritsa ntchito kwambiri mayina a ka- ndi -dwe, ndipo m'menemo ndi mmene zolakwika za kutaipa zimabisala, chifukwa mawuwo ndi aatali ndipo diso limangodutsa.

Lembo lotsiriza la dzina silimvera lamuloli. Mlembi, mneneri ndi mtsogoleri onse atha ndi i ngakhale m'kati muli e. Musasinthe.

Aneni obwereka

Umboni woti lamuloli ndi lamoyo uli pa aneni olowa m'Chichewa posachedwa. Palibe bungwe limene linakhala pansi kugamula, komabe aliyense amati votera, pentera, lokera, koma tchajira, winira, sayinira, fulashira. Pa benchi yotchajira mafoni ku Mpondabwino kuno ku Zomba mumva “nditchajireni”, ndipo pa nthawi ya zisankho mumva “mundivotere”. Polisha ndi woyesera wabwino: ayamba ndi o, koma atha ndi i, ndiye polishira ndi polishidwa. Mukakumana ndi mneni wobwereka watsopano, yambani mwamulemba monga mmene Mchewa amamutchulira, ndi malembo a liwu onse amene timalowetsa pakati, kenaka muvuleni. Mukayang'ana kalembedwe ka chilankhulo chimene wachokera, musochera.

Pophunzitsa

Kuno ku Zomba m'kalasi mumakhala ana ambiri ochokera m'mabanja olankhula Chiyao, makamaka cha ku Domasi, Songani ndi Malosa. Iwowa khutu ali nalo kale, pakuti Chiyao nacho chimati kusuma ndi kusumila, kulemba ndi kulembela. Chimene amafunika kukumbutsidwa ndi kalembedwe: malamulo a kalembedwe ka Chichewa amafuna r pambuyo pa i ndi e, choncho msintho wochitira umalembedwa -ira ndi -era nthawi zonse, osati -ila kapena -ela. Ndiye dula ali ndi l chifukwa watsatira u, koma dulira ali ndi l ndi r yemwe.

Musayambe ndi lamulo. Konzani aneni 20, anayi pa lembo la liwu lililonse, onse a maphatikizo awiri. Funsani ophunzira kuti apemphe mnzawo kuwachitira chinthucho: ndiphikire, nditengere. Lembani mayankho awo m'mizere iwiri pa bolodi, wa i ndi wa e, muwasiye apeze okha chimene chikulekanitsa mizereyo. Kalasi ya olankhula Chichewa sichedwa kuchiona. Akachipeza, aponyereni kutsekula, kuwerama ndi kulekana, kuti lamulo lawo loyamba ligwe ndipo alikonze okha kukhala la lembo lomaliza. Aneni a phatikizo limodzi abwere pomaliza penipeni. Mukawasakaniza ndi ena kuyambira pachiyambi, ophunzira amayamba kukayikira zonse zokhudza a.

Kwa mlendo dongosolo ndi lomwelo, koma iye alibe khutu lomuyankhira, ndiye mumupatsa mayankho a aneni 10 oyamba kuti apeze a 10 otsalawo. Muumirizeni kutchula mokweza. Alendo ambiri amameza lembo la pakati pa mawu aatali, moti i ndi e wawo sasiyana bwino, ndipo simungadziwe ngati asankha molondola mpaka atalemba.

Pokonza zolembedwa

Mkonzi asadalire kuwerenga chamumtima. Pa kompyuta dinani Ctrl+F, mufufuze zidutswa izi chimodzichimodzi:

```
uledwa
ulera
anetsa
aledwa
```

Mawu ambiri amene atuluke pamenepa ndi okayikitsa, chifukwa e watsatira u kapena a. Koma musasinthe onse nthawi imodzi. Ena ndi olondola chifukwa a kapena u ameneyo ndi wapatsogolo, osati wa tsinde: mu kulera, u ndi wa ku- ndipo tsinde ndi ler. Aliyense muvuleni kaye. Kenaka fufuzani mbali inayo, kumene i watsatira e kapena o, monga embidwa, engira ndi onitsa. Zikapezeka, kawirikawiri ndi chala chaterereka, ndipo lembidwa abwerere kukhala lembedwa, tengira akhale tengera, onitsa akhale onetsa.